Lipoti la ngozi ya mosungira katundu: Lachiwiri, pa 11 Malichi 2025

Kwa: Mkulu woona za chitetezo cha ogwira ntchito
Kuchokera kwa: Kapitawo wa shifiti ya m'mawa

Bwana, lipoti ili likulowa m'malo mwa kakalata komwe ndinakupatsani dzulo masana. M'kakalatako ndinalemba kuti bambo wopakira katundu uja anagwa chifukwa chothamanga mosasamala. Mawu amenewo ndikuwabweza. Kugwako sindinakuone, ndipo ndinalemba zomwe ndinamva pagulu ngati kuti ndinazionadi.

Zomwe ndinaona ndi maso anga

Nthawi ya 10:20 m'mawa ndili mu ofesi ndinamva kukuwa. Ndinafika pakanjira kachitatu pasanathe mphindi ziwiri. Ovulalawo ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira shelefu, dzanja lamanja ataligwira ndi lamanzere. Pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono panali potupa, koma panalibe bala kapena magazi. Ankayankhula bwinobwino. Nsapato zachitetezo anali atavala, zingwe zili zomanga.

Pafupifupi mita imodzi kuchokera pomwe anakhala panali mafuta otayika pansi. Ndinayeza ndi tepi: masentimita 60 m'litali, 40 m'lifupi. Pakati pake panali mzere wokhwekhwereza, ndipo kunsi kwa nsapato yawo yakumanja kunali mafuta. Chikwangwani chochenjeza panalibe. Pa mababu anayi a kanjirako, limodzi linali lozima. Katoni yolembedwa makilogalamu 12 inali chagada pambali pawo. Ndinajambula zithunzi zisanu malowo asanapukutidwe.

Zomwe ndinauzidwa

Ovulalawo anati: "Ndinanyamula katoni, pansi sindimaonapo. Phazi linangochoka, ndinagwira pansi ndi dzanja."

Mayi owerengera katundu ndi amene anayamba kunena kuti bamboyo ankathamanga. Lero ndawafunsanso modekha tili awiri, kuti anali pati ndipo anaona chiyani. Ayankha kuti anali kuseri kwa shelefu, pakanjira kachinayi. Anamva mapazi akuyenda mwandawala, kenako kugwa kwa katoni. Munthuyo sanamuone. Choncho chomwe tili nacho ndi phokoso la mapazi basi, ndipo m'kanjirako munadutsa anthu ena m'mawa womwewo. Mayiwa sanandinamize ayi. Anamva chinthu, mutu wawo unamalizitsa chithunzicho, ineyo n'kuchilemba.

Mnyamata wina wanena kuti ovulalawo "amakonda foni". Nditamufunsa ngati anawaona ali pafoni nthawiyo, wati ayi. Ine ndinaona foniyo ikutulutsidwa m'thumba la ovolosi yawo pomwe ankaimbira akunyumba. Izi sizikutsimikiza mbali iliyonse, ndiye nkhani ya foniyi isawerengedwe ngati umboni.

Anthu ambiri ankati dzanja lathyoka. Kutupa ndi kupweteka kumakhalapo kaya fupa lathyoka kaya munthu wangobinya, n'chifukwa chake ine ndalemba kutupa kokha. Chikalata cha dokotala, chomwe ndachiphatikiza, ndicho chikunena kuti atawajambula anapeza fupa lapamfundopo litasweka, ndipo awaika pulasitala.

Zomwe ndikungoganizira

Ndikuganiza kuti mafutawo anadontha kuchokera ku fokolifiti. Zifukwa zanga ndi ziwiri: woyendetsa wake akuti anaiimitsa pakanjirako cha m'ma 9:30, ndipo nditaisuzumira masana ndinapeza paipi ya mafuta okwezera mafoloko ili yonyowa. Koma sindinaione ikudontha, ndipo paipi yonyowa masana siinena zomwe zinachitika m'mawa. Makaniko ndi amene angatsimikize. Sindikudziwanso kuti mafutawo anakhala pansi nthawi yaitali bwanji. Ndafunsa anthu asanu ndi mmodzi, palibe wanena kuti anawaona ngoziyi isanachitike.

Ndikuganizanso kuti ovulalawo anaterereka pamafutawo. Mzere uja, nsapato yawo ndi mawu awo zikugwirizana, komabe palibe anaona phazi likuterereka.

Maganizo anga

Awa ndi maganizo chabe, muwatenge motero. Ndikuona kuti kuwala kwa kanjirako n'kochepa moti mafuta apansi sangaoneke msanga kwa munthu wonyamula katoni pachifuwa. Kuwalako sindinakuyeze ndi chida chilichonse. Ndikuonanso kuti fokolifiti isamaime m'njira ya anthu oyenda pansi.

Ndikupempha kuti kakalata kadzulo kasachotsedwe m'fayilo, koma mulembepo kuti ndakabweza. Fayiloyi idzawerengedwa ndi anthu oona za chipukutamisozi omwe sanalipo, ndipo mawu akuti "mosasamala" akhoza kupweteketsa bambo amene watumikira pano zaka zisanu ndi ziwiri, pa chinthu chomwe palibe anachiona.

Pansi tinapukuta dzulo nthawi ya 11:05, zithunzi zitajambulidwa kale. Babu lasinthidwa lero m'mawa. Fokolifiti ndaiimitsa, makiyi ali mu ofesi mwanga mpaka makaniko ataiona mawa.

Kapitawo wa shifiti ya m'mawa
Lachitatu, pa 12 Malichi 2025