Dongosolo la Tsiku Lachiwiri Lojambula Filimu ya "Madzi a pa Nazale"

Loweruka, 17 Okutobala 2026, ku Kasungu
Masini a lero: 1, 2, 5, 6 ndi 9 (masamba 6 mwa masamba 14 a sikiripiti)
Dzuwa lituluka cha m'ma 5:20 m'mawa, lilowa cha m'ma 5:45 madzulo

Kokumana

Tonse tikumane pa depoti ya Kasungu 4:15 m'bandakucha. Minibasi inyamuka 4:30, kulowera msewu wa ku Mtunthama, ndipo sidikira munthu. Ine Thoko, wothandizira dayirekitala, ndikupempha mundimvetse: sini 1 ikufuna dzuwa likungosuzumira kumene padambo, madzi a m'keni akunyezimira. Kuwala kumeneko sikutha mphindi 30. Kukatipita, ndiye kuti tibwerenso Loweruka linalo ndi ndalama ya mafuta imene tilibe.

Atengambali

1. Nabanda, mtsikana wa Fomu 2 amene wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi: Chisomo. Masini onse. Akhale atavala pofika 5:00.
2. A Gama, bambo ake, tenanti wa fodya: a Mavuto. Masini 1, 5, 6, 9. Atipeza kumudzi 4:50.
3. Mayi a Nabanda: mayi Esinati. Masini 2, 6, 9. Afike 6:30.
4. Kapitawo wa pa esiteti: achimwene Yamikani. Sini 5 yokha. Afike 8:30 ndi njinga yawo.
5. Kadzamira, mlongo wake wamng'ono wa Nabanda: Dalitso, wa zaka 9. Masini 2 ndi 9.

Amayi asanu a pamjigo (sini 2) ndi a m'mudzi momwemo, abwera ndi ndowa zawo. Dalitso sajambulidwa popanda kalata yosainidwa ndi makolo ake, ndipo azakhali ake akhala naye tsiku lonse.

Ndondomeko ya tsiku

5:00 Kutchera kamera ndi maikolofoni padambo.
5:20 Sini 1, kunja, panazale. A Gama ndi Nabanda akuthirira mbande za fodya. Palibe mawu.
6:45 Tiyi ndi mbatata.
7:15 Sini 2, kunja, pamjigo. Amayi akunong'onezana Nabanda akamadutsa.
9:00 Sini 5, kunja, pachigafa. Kapitawo akukana kubwereketsa ndalama fodya asanagulitsidwe.
11:30 Nsima ya nyemba ndi mpiru, thobwa, kenako kupuma pamthunzi.
1:30 Sini 6, m'nyumba mwa a Gama.
4:00 Kuyeserera sini 9.
5:00 Sini 9, pakhonde, dzuwa likupendeka.
5:50 Kulongedza. Minibasi ibwerera 6:20.

Sini 6 ndaipatsa maola awiri ndi theka ngakhale ndi masamba awiri okha. Apa ndi pamene pagona filimu yathu: bambo akuuza mwana wake kuti adikire mpaka msika wa fodya utsegulidwe, iye akudziwa bwino kuti miyezi imeneyo ndi yambiri kwa mwana wa sukulu. A Mavuto, mawu amenewa musawathamangitse, ndipo mukamaliza musayang'ane kamera. Muyang'ane manja anu. M'nyumbamo mulowe anthu asanu ndi awiri okha: atengambali atatu, dayirekitala, wa kamera, wa mawu ndi wogwira chowunikira. Nyumbayo ndi ya malata ndipo kuno Okutobala sachita masewera, choncho tizituluka kukapuma mphindi 20 zilizonse.

Zovala ndi zipangizo

Chisomo, chitenje chobiriwira chija cha dzulo chisachapidwe. Matope amene ali kumunsiwo akuyenera kuonekanso lero, chifukwa m'nkhaniyi sini 1 ndi sini 3 zikuchitika m'mawa umodzi. A Mavuto, chonde musamete ndevu. Makeni awiri, khasu, kope la kapitawo ndi yunifolomu ya sukulu zili m'manja mwa Tadala. Achimwene a kamera, mabatire onse anayi atchajidwe Lachisanu usiku. Kumudziko kulibe magetsi.

Za mudzi wa eni

Amfumu atilola kujambula padambo, pamjigo, pachigafa ndi pakhomo limodzi basi. Kamera isaloze kumanda kapena kunkhalango imene ili kuseri kwake, ngakhale foni ya m'manja. Tikafika, dayirekitala ndi ine tiyamba kukaonekera kwa amfumu. Nazale imene tijambulepo ndi yeniyeni, mwini wake akuyembekeza kuwokera mvula ikagwa, choncho yendani m'tinjira ta pakati pa mabedi, musaponde mbande.

Mwini chigayo wavomera kuchizimitsa kuyambira 9:00 mpaka 10:30 kuti mawu a sini 5 amveke. Wataya makasitomala chifukwa cha ife, tisapyole nthawiyo.

M'mudzimo mukagwa zovuta, sitijambula chilichonse. Tikapepesa kusiwa n'kubwerera. Wina akadwala, bokosi la mankhwala lili kwa Tadala, ndipo minibasi ikhala pomwepo tsiku lonse kuti ithamangire naye kuchipatala cha boma ku Kasungu. Aliyense atenge botolo lake la madzi ndi chipewa.

Wakonza ndine Thoko, wothandizira dayirekitala. Amene waona cholakwika papepalali andiuze isanakwane 8:00 Lachisanu usiku.