Kalata yothokoza Azakhali pondilipirira sukulu

Jali, Zomba
20 Okutobala 2024

Okondeka Azakhali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba ku Chinamwali. Kuno tonse tili bwino, kupatula agogo amene mwendo ukuwavutabe, ngakhale kuti sakulephera kupita kudimba.

Mwina mudabwa kuti ndakulemberani kalata chonsecho Jali ndi Chinamwali si kutali. Ndatero chifukwa nthawi zonse ndikayamba kukuthokozani pamaso mumandidula mawu, n'kundituma kukatunga madzi kapena kukayang'ana ndiwo pamoto, ndipo ndimabwerera kumudzi mawu anga ali kukhosi. Pepalali simungalitume kumjigo, choncho ndikupempha kuti muliwerenge mpaka kumapeto.

Monga munamva kale pa foni, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinatuluka, ndipo ndakhoza ndi mapointi 17. Dzina limene lili pa zotsatirazo ndi langa, koma aliyense pakhomo pano akudziwa kuti pakanapanda inu dzinalo silikanafika n'komwe ku MANEB.

Mukukumbukira mmene zinthu zinalili namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023. Madzi anakokolola mpunga wonse umene bambo ankadalira, khoma la kuseri kwa nyumba linagwa, ndipo sukulu zitatsegulidwanso ine ndinali ndi ngongole ya fizi ya teremu yonse. Tsiku limene anatiitana mayina pa asembule n'kutiuza kuti tibwerere kunyumba mpaka titapeza ndalama, ndinayenda ulendo wonse makope ali m'jumbo, ndipo nditafika ndinawaika pansi pa mphasa poganiza kuti za sukulu zathera pomwepo. Panali ena pamudzi, sindiwatchula mayina, amene anayamba kale kuwauza amayi kuti mtsikana wa msinkhu wanga akungochedwa nazo, kuli bwino apeze banja. Ndinakhala pakhomo milungu itatu.

Kenako munabwera pa kabaza Loweruka m'mawa, matope ali m'miyendo. Simunakambe zambiri. Munamasula mfundo ya chitenje chanu, n'kuwerengera bambo K50,000 ya matemu awiri, ndipo munawauza achimwene anuwo kuti risiti mukufuna kuiona ndi maso anu Lolemba lisanathe. Bambo amaseka akakumbukira zimenezi, amati simunasinthe kuyambira muli ana. Kuchokera tsiku limenelo simunaphonyepo teremu, munandilipirira ndalama ya mayeso nthawi yake isanathe, munandisokera yunifomu yatsopano, ndiponso munandigulira kanyale kasola kamene ndinawerengera usiku wonse wa Fomu 4.

Chimene chandikakamiza kulemba kwenikweni ndi ichi, Azakhali: ndikudziwa kumene ndalamazo zinkachokera. Pa tchuthi chimene ndinakuthandizani pa benchi yanu mumsika wa Zomba, ndinaona mmene mumadzukira kusanache kukapikula matemba ku Kachulu, mmene mumakhalira tsiku lonse mukuunjika timilu ndi kuingitsa ntchentche, ndi mmene phindu la tsiku limachepera mukachotsa ya mayendedwe ndi ya chiphaso cha msika. Ndinaonanso beseni limene mumatchera pakona ya chipinda chanu mvula ikamagwa. Msuweni wanga Tiyamike anandiululira, ndipo chonde musamukalipire, kuti ndalama imene munalandira ku banki m'khonde chaka chimene chija inali ya malata, ndipo munaisandutsa fizi yanga. Muli ndi ana anu atatu amene nawonso amafuna makope ndi nsapato, ndipo palibe akanakunenani mukanati simungathe. Zikomo kwambiri, Azakhali. Mulungu amene amaona zamseri akudalitseni, akupatseni moyo wautali ndi mphamvu.

Bambo ndi amayi akuti ndikuuzeni kuti akusowa mawu, ndipo abwera okha kudzathokoza mwamwambo akamaliza kusosa kumunda. Pakadali pano amayi atumiza ndowa ya nandolo ndi tambala mmodzi kudzera mwa amene wakupatsani kalatayi. Akuti musabweze, chifukwa akukudziwani.

Za kutsogolo, aphunzitsi anga andilangiza kuti ndidzalembere malo ku Yunivesite ya Malawi konkuno ku Zomba, ndipo mtima wanga uli pa maphunziro a uphunzitsi wa masamu. Ngati ndingasankhidwe, ndidzapempha ngongole ya boma ya ophunzira kuti katunduyu asakhalenso pamutu panu nokha. Podikira zimenezo, ndikupempha kuti mundilole ndibwere mwezi wamawa ndidzakhale nanu, ndizikuthandizani kumsika m'mawa, ndipo madzulo ndizimuphunzitsa Tiyamike masamu, popeza chaka chino ali mu Sitandade 8 ndipo wandiuza kuti mafulakishoni akumuzunguza mutu.

Mundiperekere moni kwa atsibweni ndi kwa asuweni anga onse.

Ine mwana wanu,
Chisomo