Mzinda Womangidwa ndi Mphepo: Phunziro la Mbiri, Fomu 2

Tsekani makope kaye, mulemba pambuyo. Padangokhala!

(Ophunzira: Tilitonse!)

Koma iyi si nthano ya Kalulu, zidachitikadi. Chaka ndi 1331. Chombo cha matanga chikukocheza pa kachilumba ka Kilwa, kum'mwera kwa dziko lomwe lero ndi Tanzania. Mukutsika mlendo wa ku Moroko, Ibn Battuta, munthu woti adaona kale Kairo ndi Maka. Komabe pofotokoza za ulendo wake adati Kilwa ndi umodzi mwa mizinda yokongola kwambiri. Kachilumba kakang'ono chotere, chuma chidachokera kuti?

Inu a kunyanja mukudziwa kuti mwera ukavuta, msodzi amakhala pagombe. Pa nyanja yamchere ya India mphepo imasunga nthawi yake. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi imachokera kumpoto chakum'mawa, Aswahili amati kasikazi, ndipo inkakankha zombo za ku Arabiya, Perisiya ndi India kubwera nazo kuno. Cha mu Epulo imatembenuka n'kumachokera kum'mwera, iyi amati kusi, n'kuzibweza kwawo.

Ndiye taganizani. Wamalonda wafika mu Januwale, nsalu ndi mikanda wagulitsa, koma mphepo yobwerera sinayambe. Agona kuti? Adya chiyani? Apemphera kuti? Eni gombe adamulandira m'nyumba zawo, nakhala amkhalapakati pa malonda ake. Ena mwa alendowo adakwatira konko. Mudzi wa asodzi udasanduka tauni ya nyumba zomangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu, mizikiti ili pakati. Chiswahili n'chilankhulo cha Chibantu ngati chathuchi, koma chidatola mawu ambiri a Chiarabu pa madoko omwewa. Mombasa ndi Mogadishu idakulanso chimodzimodzi.

Mwayi wa Kilwa udali malo ake. Chombo chochokera kutali chikapitirira pamenepo kulowera kum'mwera, sichikadabwerera kwawo nyengo yomweyo. Tsono golide anali kum'mwera kwenikweniko: ankachokera ku mapiri a Zimbabwe, kutsikira ku doko la Sofala ku Mozambiki. A ku Kilwa ankakamutenga okha n'kumagulitsa kwa alendo aja. Ndi phindu limeneli, Sultani al-Hasan ibn Sulaiman adamanga nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa, ya zipinda zoposa 100, yokhala ndi dziwe losambiramo la mbali 8. Ndalama yamkuwa ya ku Kilwa idapezeka m'mabwinja a Zimbabwe Wamkulu, kutali ndi nyanja. Tisabisenso: m'zombo zina munkakwezedwa anthu, akapolo, pamodzi ndi minyanga ya njovu.

Mu 1505 Apwitikizi motsogozedwa ndi Francisco de Almeida adafika ndi mizinga, nalanda mzindawo. Malonda a golide wa ku Sofala adachoka m'manja mwa Kilwa. Mphepo idapitiriza kuomba monga kale, koma zombo zidachepa padoko.

Tsopano tsegulani makope. Jambulani gombe kuyambira Mogadishu mpaka Sofala, muike Kilwa, kenaka mivi iwiri ya mphepo ndi miyezi yake. Chikondi, bwera udzayambe pa bolodi.