Pempho la mndandanda wa zakudya ndi mtengo wa nkhomaliro ya pa maphunziro

Okondeka Mayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse amene mumagwira nawo ntchito. Ine ndi amene ndinakuimbirani foni dzulo madzulo muli pakati pa ntchito, ndipo munandiuza kuti ndilembe zonse bwinobwino kuti mundiyankhe mutakhala pansi. Amene anandilozera kwa inu ndi mnzanga wa kuntchito yemwe anadyako chakudya chanu pa msonkhano wina, ndipo mpaka pano amayamikirabe kuti chinafika chotentha komanso pa nthawi yake.

Tili ndi maphunziro a tsiku limodzi a kasungidwe ka mabuku a ndalama, ndipo ophunzira ake ndi asungichuma a magulu ang'onoang'ono. Adzachitika Lachinayi la sabata yachitatu ya mwezi wamawa, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, mu holo ya pa ofesi yathu, pomwe ndinakulongosolerani pa foni paja. Anthu onse tidzakhalapo 42: ophunzira 36, aphunzitsi 4 ndi ife okonza awiri. Chiwerengerochi chikhoza kusintha pang'ono, mwina ndi anthu atatu kapena anayi, choncho mundiuze tsiku lomaliza limene mungafune kudziwa chiwerengero chenicheni.

Ndiyambe ndi nkhani ya nthawi, chifukwa ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri. Nkhomaliro taipatsa mphindi 45 zokha, kuyambira 12:30 mpaka 1:15. Chaka chatha tinakonza maphunziro ngati omwewa ndipo chakudya chinafika 2 koloko itakwana kale. Anthu anangokhala pa mipando kumayang'ana kukhomo, aphunzitsi akuyesetsa kupitiriza koma palibe amene ankamva. Bambo wina wodwala shuga anayamba kunjenjemera manja mpaka tinachita kumuthamangira kukamupezera choti aponye m'kamwa. Phunziro lomaliza, lomwe linali lofunika kuposa onse, tinangolidumpha. Sindikufuna zimenezi zidzachitikenso. Ndiye ndikupempha kuti pofika 12 koloko mudzakhale mutafika ndipo mwayala kale zonse. Ngati mukuona kuti tsiku limenelo muli ndi ntchito ina imene ingakuchedwetseni, chonde ndiuzeni mosabisa panopa, sindidzakhumudwa.

Ndawerengeranso kuti anthu 42 atakhala pa mzere umodzi, aliyense n'kumatenga theka la mphindi kuti apatsidwe chakudya, womaliza adzalandira patatha mphindi 21, ndiye kuti pafupifupi theka la nthawi yake yodyera lapita ali chiimire. Kodi zingatheke kukonza mizere iwiri, uliwonse ndi operekera ake? Kapena mukuona kuti kupakiratu chakudya cha munthu aliyense payekha n'kumene kungafulumire? Inu ndi amene mukuidziwa bwino ntchitoyi, ndimvera malangizo anu.

Pa zakudya, ndikupempha munditumizire mindandanda itatu yoti tisankhepo: wina wotsika mtengo, wina wapakatikati, wina wokwererapo. Pa uliwonse mulembe chakudya chokhutitsa, ndiwo za mitundu iwiri, zamasamba kapena saladi, chipatso ndi chakumwa. Ine maganizo anga ali pa chakudya chosalemetsa thupi kwambiri, chifukwa masana onse anthuwa adzakhala akuwerengera manambala, ndipo chakudya cha mafuta ambiri chimagonetsa. Madzi akumwa tidzawafuna tsiku lonse, kotero mulembe mtengo wake paokha.

Pa mafomu olembetsera tinafunsa anthu zimene sadya, ndipo mayankho ake ndi awa. Anthu 5 sadya nyama ya mtundu uliwonse ngakhale nsomba. Amenewa ndikufuna adzapeze ndiwo zawozawo zokhutitsa, monga nyemba kapena zina za mtundu umenewo, asadzangopatsidwa saladi basi ngati kuti tinawaiwala. Anthu 6 amadya nyama ya halali yokha, ndiye mundiuze ngati nyama yanu ili yotero. Kuti tisavutane, nyama ya nkhumba isadzapezeke n'komwe pa mndandanda uliwonse. Awiri ali ndi matenda a shuga, ndipo kwa iwo pakhale chakumwa chosathira shuga.

Pali mayi mmodzi amene nkhani yake ndikupempha muiwerenge kawiri. Thupi lake limadana kwambiri ndi mtedza. Anandiuza yekha kuti akangodya kakang'ono kokha, milomo ndi kummero zimatupa ndipo amabanika. Si mtedza wooneka ndi maso wokha ayi, ngakhale ufa wake, mafuta ake, kapena chipande chimene chaviikidwa mu ndiwo zotendera n'kukachigwiritsanso ntchito pa mphika wina. Chimene chingandikhazike mtima pansi n'chakuti tsiku limenelo pasadzakhale chakudya chilichonse chokhala ndi mtedza. Ngati n'zosatheka, chakudya chake chiphikidwe padera ndi ziwiya zake, chivindikiridwe, ndipo chilembedwe kuti ndi chake. Mundiuzenso mafuta amene mumaphikira.

Za malo, holoyo ilibe khitchini. Pali khonde lalikulu la mthunzi pomwe tingaikepo matebulo atatu aatali amene tili nawo, mpopi umodzi uli kuseri, ndipo masoketi a magetsi alipo awiri okha mkati. Ndiye kuti chakudya chiyenera kubwera chophikaphika. Ndikudziwa kuti chakudya chophika chimayenera kusungidwa chotentha kupitirira madigiri 60, ndiponso kuti sichiyenera kukhala poyera kupitirira maola awiri, choncho ndikufunsa ngati muli ndi ziwiya zosungira chakudya chili chotentha zosadalira magetsi. Mbale, masipuni, mafoloko, matambula, nsalu za pa tebulo komanso madzi ndi sopo wosambira m'manja, zonsezi ife tilibe. Mmodzi mwa ophunzira amayendera njinga ya anthu aulumali, ndiye poyala matebulo mudzasiye mpata woti adutse, kapena mmodzi wa anthu anu adzamuperekere pamalo pake.

Tsopano za mtengo. Ndikupempha kotesheni yolembedwa, yokhala ndi dzina la bizinesi yanu ndi tsiku, chifukwa a ku ofesi ya zachuma salipira popanda pepala limeneli. Muonetse mtengo wa munthu mmodzi pa mndandanda uliwonse, kenako wa anthu onse 42. Ngati mayendedwe, operekera zakudya, kubwereka ziwiya ndi msonkho zili ndi mtengo wake wapadera, chilichonse chikhale pa mzere wake. Bola ndione mtengo wokwera lero kusiyana n'kudzamva za ndalama zina zoonjezera chakudya chitadyedwa kale, chifukwa ndalama zikavomerezedwa ndilibenso mphamvu yopempha zina. Mulembenso dipoziti imene mumafuna ndi tsiku loiperekera, njira yolipirira, masiku amene mtengowo ukhale usanasinthe, komanso chimene chimachitika ngati tsiku la maphunziro litasunthidwa. Ntchito ikadzatha tidzafuna invoyisi ndi lisiti.

Mwina tingafunenso tiyi wa 10 koloko ndi kachakudya kochepa kotsitsira. Sitinagwirizanebe za ameneyu, koma ikani mtengo wake pansi pa kotesheniyo kuti komiti ikaone ngati ndalama zingakwane. Chakudya chikadzatsala, tingakonde mudzatipakirire kuti ophunzira ochokera kutali adzatenge.

Komiti yathu ikumana Lachiwiri likubwerali masana, ndipo malinga ndi malamulo a pa ofesi pathu tiyenera kuyerekeza makotesheni atatu tisanasankhe. Ndakuuzani zimenezi kuti mudziwe mmene zinthu zilili. Ngati yanu ingandipeze pofika Lolemba 5 koloko madzulo, ndidzaipereka pamodzi ndi enawo, ndipo yankho ndidzakupatsani Lachitatu m'mawa, kaya takusankhani kaya ayi. Mukafuna kudzaona kaye holoyo musanalembe mtengo, ndimapezeka pa ofesi tsiku lililonse la ntchito kuyambira 8 koloko. Mungondiimbira pa nambala imene ndinakuimbirani ija ndipo ndidzakudikirani pa geti.

Zikomo kwambiri, Mayi.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti yokonza maphunziro