Funso la mayi wa chiponde

Madalitso anali munthu woti akalowa m'chipinda amayamba wayang'ana mpando wa kumbuyo. Ku ofesi imene ankagwira ntchito ya ukauntanti mu Lilongwe, anthu ankadziwa kuti wabwera poona jekete pampando, osati pomva mawu ake. Manambala ndi amene ankacheza nawo momasuka.

Tsiku lina abwana ake anamutuma ku maphunziro a tsiku limodzi a eni mabizinesi ang'onoang'ono, ku holo ina ku Area 3. Chakumasana, wophunzitsa atamaliza kufotokoza za TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ndi malisiti amene a MRA amafuna, mayi wina wovala chitenje chobiriwira anaimirira.

"Ine ndine Mayi Banda, ndimapanga chiponde ku Mchinji," anatero. "Katundu amayenda, mabotolo satsala. Koma mwezi ukatha ndalama sindiziona. Zimapita kuti?"

Anthu ena anaseka. Bambo wina anakuwa kuti, "Afunseni bambo akunyumba!" ndipo kuseka kunakula. Wophunzitsa anayang'ana wotchi, n'kunena kuti funsolo aliyankha nthawi ikalola. Nthawiyo sinalole. Mayi Banda anakhala pansi, maso ali pa kope lawo, ndipo sanayankhulenso mpaka kuweruka.

Yankho Madalitso anali nalo, ndithu linafika mpaka pakhosi. Dzanja lokha ndi limene linakana kukwera.

Usiku umenewo, ali kunyumba ku Kawale, anapeza nambala ya mayiwo pa gulu la Watsapu limene okonza maphunzirowo anatsegula. Analemba, kufufuta, kulembanso, mpaka nsima inazizira patebulo. Cha m'ma 9 koloko anatumiza:

"Mayi Banda, mwaswera bwanji? Ine ndine Madalitso, ndinakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Funso lanu lija ndi limene linali lofunika kuposa onse lero, ndipo sanachite bwino kukusekani. Ndine akauntanti. Ngati mungalole, nditha kudzaona nawo mabuku anu Loweruka. Simulipira kanthu."

Atatumiza anazimitsa foni, mtima uli phaphapha. M'mawa anapeza yankho lalifupi: "Zikomo achimwene. Dzulo ndinalira m'minibasi. Bwerani."

Loweruka anakwera minibasi ya ku Mchinji. Mabuku aja anali makope atatu a ana asukulu ndi jumbo yodzaza malisiti. Anakhala pakhonde kuyambira m'mawa, fungo la mtedza wokazinga likuchokera kuseri, ndipo pofika madzulo zinaoneka poyera. Mayi Banda ankawerengera mtedza ndi mabotolo okha poika mtengo. Makala, mchere, mapepala omata pabotolo, thiransipoti yopita ku Lilongwe, ngakhale thukuta lawo lomwe, zonsezi sizinkalowa. Mashopu awiri ankatenga katundu pangongole n'kulipira patatha miyezi iwiri, atadulanso msonkho umene mayiwo sankasunga mapepala ake. Ndipo ndalama za chiponde, za ndiwo ndi za fizi zinkakhala mu Mpamba mmodzi.

"Ndiye kuti botolo lililonse ndimagulitsa moluza?"

"Lalikulu lija, eya. Laling'ono muli bwino."

Mayi Banda anakhala chete kanthawi, kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene wapeza pamene denga limadontha.

Loweruka limodzi linabala lina. Madalitso anawatsegulitsa akaunti yapadera ya bizinesi, anawaphunzitsa kudzilipira okha malipiro mwezi ukatha, n'kuwathandiza mapepala ofunsira chiphaso ku Malawi Bureau of Standards. Chaka chitatha, mayiwo anakana zoti apitirize kugwira ntchito yaulere. Amuna awo ndi amene ananena poyera pa chakudya: "A Mada, bizinesi iyi mwaisenza nawo. Tengani gawo." Anakalembetsa mgwirizano wawo mwalamulo, ndipo anagawana ntchito monga mmene Mulungu anawapangira: Mayi Banda pakamwa ndi makasitomala, Madalitso pa mabuku.

Sizinali zosalala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mabotolo unakwera mosayembekezeka, ndipo anakangana kwa sabata yathunthu. Madalitso ankafuna kukweza mtengo tsiku lomwelo, mayiwo ankaopa kuthawitsa anthu amene anawagula kuyambira kale. Aka kanali koyamba kuti Madalitso akweze mawu pamaso pa munthu, ndipo anadzidabwa yekha. Anagwirizana zokweza pang'onopang'ono ndi kusiya kaye botolo lalikulu.

Lero ali ndi antchito asanu ndi awiri, ndipo mtedza amagula kwa alimi a m'midzi yozungulira. Ana a Mayi Banda amamutcha Madalitso kuti amalume. Mwezi watha awiriwa anaitanidwa kukayankhula ku maphunziro ngati omwe aja. Mayi Banda anayankhula kutsogolo, Madalitso anakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Mnyamata wina wogulitsa uchi atafunsa funso mwachibwibwi, anthu n'kuyamba kung'ung'udza, Madalitso anakweza dzanja.