Kalata yochitira umboni Tadala pa udindo wa msungichuma

Turffontein, Johannesburg
14 Malichi 2025

Kwa a Wapampando ndi a komiti,
Bungwe lathu lothandizana pa maliro,
Rosettenville.

Olemekezeka a Wapampando,

Munapempha kuti kalata isapitirire theka la tsamba, choncho ndachotsa mawu onse ongoyamikira ndipo ndasiya zokhazo zimene ndinaziona ndi maso anga.

Tadala ndinamuphunzitsa masamu mu Fomu 3 ndi Fomu 4 pa sekondale ina ya ku Dedza mu 2016 ndi 2017, ndipo pa mayeso a MSCE anakhoza bwino phunziroli. Koma chimene chandichititsa kulemba kalatayi si mayeso ayi. Ali Fomu 4 tinamupatsa kaundula wa kagolosale ka ana asukulu, ndipo tsiku lina atawerengera anapeza kuti K3,500 yasowa. Akanatha kukonza manambala mwakachetechete popeza panalibe wina amene akanadziwa, koma anabwera ndi bukulo ku ofesi ya aphunzitsi, tinakhala naye pansi mpaka dzuwa kulowa, ndipo tinapeza kuti sopo wina analembedwa kawiri. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kusainitsa mnzake pa tsamba lililonse asanatseke buku, popanda womuuza.

Kuno ku Joni ndinamuonanso chaka chatha pamene mnansi wathu wina anatisiya ndipo panafunika kutumiza thupi kumudzi. Anthu ankapereka chipepeso m'njira zosiyanasiyana, ena pamanja, ena pa foni, ena kungolonjeza kuti apereka mwezi ukatha, ndipo nonse mukudziwa kuti mikangano yathu yambiri imayambira pamenepa. Tadala analemba dzina ndi ndalama ya munthu aliyense, ngakhale wa R20, anasunga malisiti a bokosi ndi a galimoto imene inadzera ku Beitbridge ndi ku Tete, ndipo anthu operekeza maliro atabwerako anawerenga zonse pamaso pa anamfedwa. R640 imene inatsala anaipereka m'manja mwa mayi wamasiye anthu akuona.

Ndisakubisireni kuti pamsonkhano salankhula kwambiri, ndipo pa nkhani ya lisiti sagonja ngakhale kwa munthu wamkulu, zimene ena poyamba angazione ngati mwano. Ine ndikuona kuti bungwe losunga ndalama za anthu ovutikira kutali ndi kwawo likufunika munthu wotere, malinga a komiti amuyimire kumbuyo pa miyezi yoyambirira.

Ndikumuvomereza ndi mtima wonse pa udindo wa msungichuma, ndipo ngati pali zina zofuna kundifunsa, ndidzakhalapo pamsonkhano wa Lamlungu loyamba la mwezi wamawa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wake wakale wa masamu, membala mnzanu