Pempho la makompyuta 12 obwera kale ndi Windows yachilolezo

Area 47, Lilongwe
Lachiwiri m'mawa

Achimwene,

Mwadzuka bwanji kumeneko ku Old Town? Kuno tadzuka bwino. Ndalemba kutsatira zomwe tinakambirana pafoni Lachisanu lija, chifukwa za pafoni zimauluka ndiye ndati bola zikhale papepala kuti mawa tisamadzakanganirane kuti ndani ananena chani.

Mabwana avomera kuti tigule makompyuta 12 kwa inu, apadesiki 9 ndi malaputopu 3. Apadesikiwo 4 akupita ku akaunti, 3 kwa ma kalaliki olowetsa zinthu, imodzi pa risepishoni ndipo inayo ndi ya ku sitolo. Malaputopu ndi a anzathu amene amayenda kumafilidi ku Dedza, Mchinji ndi Kasungu ndiye batire lake likhale lolimba ndithu poti kumeneko munthu amatha tsiku lonse osaona soketi. Onse akhale atsopano a m'katoni, osati okonzedwanso aja amabwera atapukutidwa bwino koma mkati ndi nkhalamba. Purosesa Core i5 kapena yofanana nayo, RAM 16 GB, SSD 512 GB. Mapulagi akhale a mano atatu a makona aja ogwirizana ndi masoketi athu, tatopa ndi kusakasaka ma adaputa.

Tsopano nkhani imene yandipangitsa kukhala pansi kulemba ndi iyi. Makina onse 12 abwere ndi Windows 11 Pro yoikidwa kale, yotsegulidwa kale, ndipo kompyuta iliyonse ikhale ndi laisensi yakeyake yenizeni. Chonde achimwene apa pokha musandidulire njira ngakhale mutaona kuti mtengo utsika.

Ndikuuzeni chomwe ndikuumirira chonchi. Ulendo watha tinagula makina kwa munthu wina, dzina sinditchula, anabwera owoneka bwino ndipo anatiuza kuti zonse zili m'malo. Patatha miyezi ngati 6 pakona pa sikirini panayamba kutuluka mawu aja akuti Activate Windows, makina atatu nthawi imodzi, komanso inali sabata ya malipiro pomwe mayi athu a ku akaunti amakhala alibe ndi nthawi yomwa tiyi yomwe. Mnyamata amene amatithandiza za makompyuta atayang'ana anapeza kuti anatiikira Windows yokuba, yotsegula ndi timapulogalamu tija tonamizira KMS, paja chilolezo cha mtundu umenewo chimakhala cha masiku 180 kenako chimafuna kukonzedwanso. Ndipo kuti kapulogalamuko kagwire anachita kuthimitsa chitetezo cha mavairasi, ndiye tangoganizani miyezi yonseyo mafailo a malipiro a anthu, manambala awo a ku banki, zonse zinali pa makina osatseka chitseko. Munthu uja foni anasiya kuyankha. Amene anaitanidwa kukafotokoza pamaso pa mabwana ndi owerengera chuma ndinali ine, chifukwa siginecha yolandira katundu inali yanga, ndipo zinandipweteka kwambiri moti mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa. Tinalipira kawiri, kugula makina kenako kugulanso malaisensi.

Ndiye pano ndikufuna laisensi yochokera kufakitale, ija amati OEM, imene kiyi wake amakhala wosungidwa mkati mwa makina momwemo mu BIOS, kuti ngakhale tsiku lina SSD itafa tikaikamo ina Windows idzatseguke yokha popanda kukuvutitsani. Ndikudziwa kuti makina ambiri otchipa amabwera ndi FreeDOS kapena opanda kalikonse, wogulitsa nkumaikamo Windows yake kuseri kwa shopu. Amenewo ayi. Makiyi aja amagulitsidwa pa intaneti pa mtengo wa fanta nawonso ayi, lero agwira mawa atsekedwa. Ngati mwa makina enawo mulibe obwera nayo kufakitale ndiuzeni poyera, tikambirane zogula laisensi yapadera kwa ogulitsa ovomerezeka ndi Microsoft ndipo risiti yake ibwere limodzi ndi katundu.

Ikhale Pro osati Home. Si kufuna zapamwamba ayi, koma malaputopu oyenda nawo tikufuna kuwatseka ndi BitLocker kuti ikabedwa mu minibasi wakubayo asawerenge zamkati, komanso makina onse akuyenera kulowa pa domeni ya ofesi, zimene Home siyitha. Windows 10 musatibweretsere, Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025 ndipo ndi chifukwa china chomwe tikusinthira makinawa, akale athu ambiri alibe TPM 2.0 ndiye Windows 11 ikuwakana.

Tsiku lobweretsa katundu musatume dalaivala yekha kuti angotsitsa makatoni nkumapita. Abwere ndi munthu wodziwa, ndipo mukonzekere kukhala nafe maola awiri kapena atatu chifukwa tidzayatsa makina onse imodzi imodzi inu muli pomwepo. Tidzalowa pa Settings, System, kenako Activation kuona ngati palembedwa Active, ndipo mnyamata wathu adzalembanso izi:

```
slmgr /dli
slmgr /xpr
```

Loyambalo limaonetsa mtundu wa laisensi, tikufuna tione OEM_DM channel kapena RETAIL channel, tikangoona VOLUME_KMSCLIENT makinawo akubwerera m'katoni tsiku lomwelo. Lachiwirilo likuyenera kunena kuti permanently activated, lisatipatse deti lothera. Sikuti ndikukukayikirani achimwene, mwatigulitsa matona a pulinta ndi mapepala zaka zingapo popanda vuto ndipo ndi chifukwa chake ndinakutchulani kwa mabwana, koma nanunso mumakaoda kwa anthu ena ndipo mwina akhoza kukupusitsani inu osadziwa, ndiye kuyang'ana limodzi kukutetezani inunso. Pepala lolandirira katundu ndidzasaina tikamaliza kompyuta ya nambala 12.

Za Microsoft Office musaikemo chilichonse, imeneyo laisensi yake ndi yosiyana ndi ya Windows ndipo tili nayo kale yathu ya Microsoft 365, tidzalowetsa tokha. Musatsegulenso makinawo ndi akaunti yanu kapena ya mnyamata wa ku shopu, zinatichitikirapo kuti kompyuta ikufunsa pasiwedi ya munthu amene sitikumudziwa nkomwe.

Pa koteshoni mulembe mtundu ndi modelo ya makina, ndipo mawu akuti Windows 11 Pro aoneke pa mzere wa kompyuta iliyonse, osangolemba kuti kompyuta basi. Pa invoisi pakhale siriyo nambala ya makina aliwonse, TPIN yanu ndi msonkho wa VAT pawokha, poti a ku akaunti salipira pepala limene silingadutse ku MRA. Waranti ikhale yosachepera chaka ndipo mulembe kuti chikaonongeka tikapereka kuti, kwa inu konkuno kapena mpaka ku Blantyre. Muikeponso padera mtengo wa mayupiesi 4 a ku akaunti, magetsi akathima mwadzidzidzi ntchito ya tsiku lonse imapita, koma amenewo tiona ndalama zikakwana.

Ndikudziwa kuti nkhani ya foreksi yavuta ndipo mitengo siyikukhazikika, ndiye mutiuze koteshoniyo igwira masiku angati kuti ine ndithamangitse mapepala a oda mkati mwa masiku amenewo. Ndingakonde nditailandira pofika Lachinayi masana chifukwa komiti yogula zinthu ikumana Lachisanu m'mawa. Ikavomera katundu afike pasanathe masabata awiri, pakati pa mwezi, kuti mwezi ukamatha a ku akaunti akhale atazolowera makina atsopanowo. Malipiro ndi kudzera ku banki pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku losaina.

Ngati penapake pavuta, kaya 12 onse simungawapeze nthawi imodzi, ndiimbireni lero lomwe, bola kubweretsa 8 abwino kaye enawo nkutsatira. Pobwera mudzere geti lakumbuyo ndi komwe galimoto imafika pafupi ndi khomo, alonda ndiwauziratu.

Moni kwa alamu ndi ana kunyumba.

Ine mlongo wanu,
Woyang'anira ofesi